Suti ya ku Misuku

Ine ndimagulitsa masuti a kaunjika kuno ku Lilongwe, ndimasankha pa belo, ndikuchapitsa, kusita bwinobwino nkujambula atavala mlamu wanga chifukwa iyeyo ndi amene ali ndi thupi la suti, ine ndikavala ndimaoneka ngati ndabwereka. Ndiye positi yanga pa Facebook inali yachidule kwambiri: chithunzi, mtengo K80,000, nambala ya foni, kenaka mawu oti timatumiza Malawi yense. Basi. Ndalama yotumizira, masiku ofikira, zoti suti ikakana kukwana titani, zonsezo ndinkati tizikambirana ku inibokosi.

Lachiwiri lina usiku kunabwera meseji ya bambo ena achikulire, aulemu wawo, amalemba mawu onse mokwanira opanda kudula. Akuti mwana wanga, suti yabuluuyo ndaikonda, Loweruka ndili ndi ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ndipo nkhoswe ndine, kodi ifika? Ine poona 80 pin ikundimwetulira ndinangoti ifika bambo musadandaule. Ndinawafunsa kuti ali kuti, anati ku Chitipa. Mmutu mwanga Chitipa ndi pa boma. Eti munthuyo ali ku Misuku, kumapiri uko, komwe ukachoka ku Karonga umatsikira pa Kapoka nkuyamba ulendo wina wokwera.

Ndalama anatumiza Lachitatu madzulo pa Mpamba, 80,000 yeniyeni osaonjezera olo ya chodulira. Nthawi imeneyo koriya amene ndimagwiritsa ntchito anali atasiya kale kulandira katundu wa tsikulo, poti galimoto yawo imanyamuka usiku ndiye ukafika mochedwa phukusi lako limagona pa ofesi kudikira mawa. Ndinapita Lachinayi mmawa pa kabaza, K3,000. Mtsikana wa pa kauntala anaika pa sikelo, kufunsa mtengo wa katundu, nkunena kuti K9,000, kenaka funso lija: mulipira inu kapena akalipira olandira? Ndinaimba foni pomwepo. Bambo aja anangoseka mwaulemu, akuti mwana wanga paja unalemba kuti umatumiza Malawi yense, ine ndinaona ngati zili momwemo mu 80. Kumbuyo kwanga kuli mzere, anthu akundiyang'ana, ndinatulutsa 9,000 ija. Ndiye mtsikana uja akulemba lisiti nkungoonjezera kuti koma ife timathera pa Karonga, akadzatengere pamenepo ndi chitupa.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo katundu sapita molunjika ayi, amatsika kaye ku Mzuzu Lachisanu mmawa, amusanja, nkudikira galimoto ina yotsetsereka Chiweta. Suti inafika ku Karonga Loweruka masana, nthawi yomwe ku Misuku anthu anali akufupa kale. Lamulungu ofesi yotseka. Foni yanga Loweruka limenelo siinapume, bambo aja amaimba ali kutchalitchi konko, ndikumva kwaya kumbuyo, iwo nkumanong'ona kuti mwana wanga yafika pati. Nkhoswe inakaimirira pagulu ndi jekete ya aphunzitsi ena oyandikana nawo, yomwe akuti mabatani sanakumane.

Lolemba ndinachita kupempha mnzanga wa ku Karonga, nditaimbira ku ofesi kuti asinthe dzina la wolandira poti sangapereke kwa munthu amene dzina lake silili pa lisiti. Iye anapatsa kondakitala wa minibasi ya ku Chitipa, K6,000, kondakitala nkusiyira wa njinga yamoto pa Kapoka, K7,000, zonsezo zikuchoka mthumba mwanga chifukwa munthu amene waphonyetsa ukwati ulibe pakamwa pomuuzira kuti alipire. Suti ndinaipeza pa K45,000, phindu limayenera kukhala 35,000, pofika apa 25,000 yapita mumsewu yatsala 10,000. Ndinadzitonthoza kuti bola yafika.

Kunakhala zii pafupifupi mwezi. Kenaka voisi noti yaitali. Akuti suti ndi yabwino kwambiri anthu aiyamikira, koma ikuthina mkhwapa, buluku ndi lalitali, komanso poti ukwati unadutsa sakuona ntchito yake, ndiye akubweza. Nkhani ya saizi ija ndi iyi, pa lebulo panalembedwa 52, iwo amavala 44, ine ndinawauza kuti 52 ya ku Ulaya ndi yaing'ono poiyerekeza ndi manambala amene tinazolowerawa, zomwe ndi zoona, 52 imeneyo imagwa pa 42. Kungoti 42 si 44, ndipo palibe anatenga tepi kuyeza chifuwa, tonse timangokhulupirira Mulungu. Ndinayesa kulimba mtima, ndinati bambo katundu akagulidwa sabwezedwa. Iwo modekha anati unalemba pati mwana wanga? Ndinapita pa positi kukafufuza ngati mwina ndinalemba ndili mtulo. Munalibe. Mlamu wanga uja, amene amadziwa chilichonse, anaonjezera moto kuti olo ukanalemba, a CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, amaletsa zomalemba kuti katundu sabwezedwa, munthu ukamugulitsa chinthu chosiyana ndi chimene unanena ali ndi ufulu wodandaula. Ndinavomera, ndinati tumizani ndikaiona ndibweza ndalama.

Apa mpamene panalakwika zenizeni, sindinanene kuti atumize bwanji.

Lachisanu lina mmamawa kukugogodedwa pageti. Mnyamata wamtali, chikwama kumsana, mmanja jumbo ya suti, dzanja linali phava la nthochi. Akuti ndine mphwawo wa bambo aja, amalume anati koriya ndi wochedwa ndiye ndibweretse ndekha. Nyumba anaipeza mosavuta poti pa lisiti ndinalemba dela ndi nambala, anafunsa wa kabaza kuti achimwene ogulitsa masuti amakhala pati. Mayi a kunyumba, mwa chikhalidwe chawo, anamulandira, madzi osamba, tiyi, buledi. Ine ndikutsegula jumbo. Suti ikununkha utsi wa nkhuni, pa bondo pali dothi lofiira, mthumba lamkati muli pulogalamu ya maliro, envelopu ya chopereka yopanda kanthu ndi mtedza wokazinga. Ndinafunsa kuti kodi sutiyi inavalidwa? Mnyamata uja alibe bodza, akuti ayi sanaivale kwambiri, kumaliro kokha, kutchalitchi, ndi kumsonkhano wa alimi a khofi, komanso tsiku lina anabwereka a mfumu.

Ndinaimba foni mtima uli phaphapha, koma bambo aja anandifunsa funso lomwe lija, kuti unanena pati kuti yobweza isavalidwe, nanga ndikanadziwa bwanji kuti ikuthina osaivala. Ndinabweza 80,000 yonse. Ndikuti nkhani yatha, mnyamata akuti amalume anangondipatsa yobwerera kuno, yobwererera kumudzi anati mukandipatsa ndinu poti katundu ndi wanu. Ndinakana. Iye sanakangane nane, anangokhala. Kudya nafe, kuonera mpira, ana anga kuyamba kumutchula kuti ankolo, mpaka anakonza mpope umene unkadontha, mayi a kunyumba nkumati mwanayu ndi waulemu bwanji. Nditaona mmene ufa ukutsikira mu ndowa ndinawerengera kuti kumulipirira basi ndi kotchipa, tinagawana ndi amalume akewo, ine K30,000. Kuchapitsa suti K8,000. Mukaphatikiza ndi 25,000 ija ndi K63,000 yopita, osawerengera nsima ndi mayunitsi, ine nkutsala ndi suti yomwe ija ndi nthochi.

Usiku umene anakwera basi ndinakhala pansi kulemba positi mwatsopano, ndipo pano pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala mawu awa. Mtengo ndi wa suti yokha. Mu Lilongwe wa njinga yamoto amabweretsa tsiku lomwelo mukalipira isanakwane 12 koloko, mtengo wake ndikuuzani malinga ndi dela musanatumize ndalama. Blantyre, Zomba ndi Mzuzu pa koriya ndi K7,000, masiku awiri ogwira ntchito. Karonga ndi maboma ena akutali K9,000, masiku atatu mpaka asanu, ndipo mukatengera pa ofesi ndi chitupa chanu, kuchoka apo kukafika kumudzi ndi zanu. Masiku timayamba kuwerenga ndalama ikalowa, osati tsiku limene munafunsa mtengo, ndipo Lamulungu ndi holide sitiwerenga. Mitengoyi ndimaisintha a koriya akakweza, koma imene inali pa positi tsiku limene munthu walipira ndi imene imagwira.

Masiku ndimalemba oonjezerako dala. Mzuzu nthawi zambiri katundu amafika mmawa mwake, koma ndimalemba awiri, chifukwa mafuta akasowa kapena galimoto ikafa panjira wotukwanidwa ndine, ndipo palibe kasitomala amene anakwiyapo kuti katundu wafika msanga. Amene ali ndi ukwati kapena intavyu ndimamuuza anene tsiku lake asanalipire, ndikaona kuti sizitheka ndimakana ndalamayo ngakhale mtima ukuwawa.

Za kubweza ndinalemba motere: mundiuze pasanathe masiku awiri mutalandira, ndi chithunzi. Ngati ndatumiza suti ina, kapena ili ndi chilema chimene sindinaonetse, yotumizira uku ndi uku ndi yanga ndipo ndalama yanu ibwera yonse. Ngati ndi saizi chabe pomwe miyezo ndinalemba, timasinthana ndi ina koma transipoti ndi yanu. Kuyesa mnyumba ndi kololedwa, kupita nayo kumaliro ayi. Lebulo ndinasiya kuikhulupirira, ndimayeza ndi tepi chifuwa, mapewa, mkono, chiuno ndi kutalika kwa buluku nkulemba mainchesi pa positi pomwepo, ndipo ndimamanga kapepala kanga pa batani la kutsogolo, kakachoka ndiye kuti yavalidwa. Ndisanatseke phukusi ndimajambula kavidiyo, kenaka lisiti, zonse ku WhatsApp yake. Yobweza idzere pa koriya, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, osati pa munthu.

Kunena zoona anthu ambiri sawerenga, pansi pa zonsezi wina amalembabe kuti zingati, mumatumiza? Ndiye ndisanapereke nambala yolipirira ndimamukopera mawu omwewo ku inibokosi kuti ayankhe kuti ndavomera. Mayi ena a ku Zomba anabwera ndi ukali patatha masabata atatu kuti amuna awo sakuikonda kalala yake, ndinangowatumizira sikirinishoti ya ndavomera wawo, anayankha kuti oho, nkhani nkuthera pomwepo. Ena amathawa akaona 9,000 ya koriya, bola athawe asanalipire.

Mwezi wathawu bambo a ku Misuku alembanso. Akuti awerenga malamulo onse ndipo ndi abwino kwambiri, akufuna suti yakuda, chifuwa ayeza ndi tepi ya atelala ndi 44. Koma za koriya ndisavutike, mphwawo uja akubwera ku Lilongwe kudzasaka ntchito ndiye adzatenga yekha, akuti kunyumba akukudziwa kale.