Kulemba maimelo a mayankho opiringizana kuchokera pa chithunzi cha sikirini

Ntchito ya sabata ino inali ya zithunzi zitatu zojambulidwa pa sikirini ya kompyuta. Munali maimelo 4 a anthu atatu, ndipo ofesi yomwe inatumiza inkafuna mawu onse atayipidwe kuti zioneke bwino kuti ndani ananena chiyani pa nkhani ya makatoni a katundu. Mawuwo sanali ambiri. Chomwe chinadya masiku n'choti aliyense ankayankha osafufuta imelo yam'mbuyo, choncho imelo ina inali m'mimba mwa inzake, inzakeyo m'mimba mwa inanso. Anthuwo ndiwatchula kuti A, B ndi C.

Lolemba silinali tsiku lotayipa. Linathera pa kulumikiza zithunzi ndi kuwerenga timizere. Munthu akamajambula imelo yayitali amatsitsa pang'ono n'kujambulanso, ndiye mizere yomaliza ya chithunzi choyamba imabweranso pamwamba pa chachiwiri. Apa mizere 5 inabwerezedwa, ndipo imalembedwa kamodzi kokha. Choopsa ndi pamene palibe mzere wobwerezedwa ngakhale umodzi, chifukwa simungadziwe ngati pakatipo pasowa mawu.

Mapulogalamu ngati Gmail, Apple Mail ndi Thunderbird amaonetsa mawu ogwidwa poika kamzere koimirira kumanzere. Kamzere kamodzi ndi mlingo woyamba, timizere tiwiri ndi wachiwiri, choncho mpaka mkati. Potayipa, kamzere kalikonse kamasanduka chizindikiro `>` chimodzi. Timizereti timayandikana kwambiri, ndiye chithunzi chimafunika kuchikulitsa kawiri kapena katatu, n'kuwerenga pa mzere uliwonse, osangoyerekeza ndi diso kuti mawu alowa mkati bwanji. Pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi siithandiza pamenepa: timizere imatiwerenga ngati `l`, `I` kapena `1`, mwinanso kungotitaya.

Lachiwiri mbali yovuta inatuluka chonchi, nditakopera ndendende momwe ikuonekera:

```
Chabwino, tumizani 40 okha.

On Tue, 4 Mar 2025 at 10:05, B wrote:
> Sitingakwanitse.
>
> On Tue, 4 Mar 2025 at 11:20, C wrote:
>> Kodi 60 onse afika Lachisanu?
>>
>> On Mon, 3 Mar 2025 at 16:40, A wrote:
>>> Tikufuna makatoni 60 pofika Lachisanu, koma ngati galimoto ili yaing'ono
>> 40 akwanira.
```

Choyamba kuchimvetsa ndi mzere womwe umathera ndi `wrote:`. Mzerewu sulembedwa ndi munthu amene watchulidwamo. Umaikidwa ndi pulogalamu ya munthu amene akuyankha, ndipo umalengeza mawu a mlingo wotsatira, wamkati. Mzere wotchula C uli ndi `>` mmodzi chifukwa uli mu imelo ya B, koma mawu a C enieni ali ndi `>>`. Wotayipa akapanda kusamala amaona dzina la C pa mlingo woyamba n'kumupatsa mawu oti "Sitingakwanitse", omwe ndi a B. Pa nkhani ya katundu, kulakwitsa kumeneko kukusintha munthu amene anakana.

Mlingo sutanthauza munthu, umangoonetsa kuti imelo ndi yakale bwanji. A akupezeka kawiri: mkati mwenimweni pa `>>>`, komanso pamwamba popanda chizindikiro chilichonse. Kuti mawu apamwambawo ndi ake tikudziwira pa mutu wa imelo womwe unali m'chithunzi choyamba, osati pa mizere iyi. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga kuyambira mkati kutulukira kunja, ngakhale potayipa mukutsata dongosolo la pa chithunzi.

Lachitatu lonse linathera pa mawu awiri, "40 akwanira". Ali ndi `>>`, ndiye poyang'ana msanga ndi a C. Koma si ake. Ndi mchira wa chiganizo cha A. Mapulogalamu ena amadula mzere ukafika zilembo zapakati pa 72 ndi 78. C atayankha, pulogalamu yake inawonjezera chizindikiro kutsogolo kwa mzere wa A, mzerewo unatalika kupyola malire, ndipo mchira unagwera pansi wopanda chizindikiro. Kenako B anawonjezera chimodzi pa mizere yonse, A chinanso. Thunthu linafika pa zitatu, mchira pa ziwiri.

Mchira wotere umadziwika ndi zinthu zitatu zikakumana pamodzi. Mzere wapamwamba pake ndi wautali mpaka kumalire ndipo sunathe ndi mpumiro. Mzere wokayikitsawo ndi waufupi, ndipo ukauwerenga molumikiza umamaliza chiganizo bwinobwino. Komanso uli pansi pa mawu a A, pomwe C mu imelo yake analemba pamwamba. Mfundo yachitatuyi ndi yofunika kuiyesa, chifukwa pali anthu ena amene amayankha pakati pa mawu ogwidwa, funso lililonse yankho lake pansi pake. Kwa munthu wotero, kutsika kwa mlingo ndi yankho lenileni, ndipo nthawi zambiri pamakhala mzere wopanda kanthu pakati. C akanakhala wa khalidwe limenelo, "40 akwanira" akanatha kukhala kuvomera kwake, ndipo nkhani yonse ikanasintha.

Ngakhale zili zoonekeratu chonchi, mzerewo suyenera kukonzedwa mwakachetechete. Unatsala ndi `>>` monga pa chithunzi, ndipo pambali pake panaikidwa ndemanga m'mabulaketi: [zikuoneka kuti ndi kupitiriza kwa mzere wa A]. Wowerenga aone zomwe zinalipo, aonenso maganizo a wotayipa, ziwirizi zisasakanikirane. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ntchitoyi imakhalira yodalirika kapena ayi.

Lachinayi panabuka funso la nthawi. B akuoneka kuti anayankha 10:05 imelo yomwe C anatumiza 11:20, ngati yankho linatsogola funso. Si vuto la kutayipa. Nthawi ya mu mzere wa `wrote:` imatengedwa pa wotchi ya amene akuyankha. 10:05 inalembedwa ndi makina a A, 11:20 ndi makina a B. Ngati B ali kudera lomwe lili patsogolo ndi maola awiri, imelo ya C inafika 09:20 pa wotchi ya A, ndipo zonse zikugwirizana. Choncho nthawi zimakopedwa momwe zilili, ndipo dongosolo la maimelo limatengedwa pa milingo.

Zina zinali zachangu. Mizere ya `wrote:` siimasuliridwa. Dzina ndi udindo zomwe munthu amasainira pansi pa imelo zimakhala pa mlingo wa mwini wake, ngakhale zitaunjikana kumapeto kwenikweni, kutali ndi mawu ake. Zikanakhala kuti wina anayankhira pa Outlook, timizere sitikanaoneka: Outlook imaika `From:`, `Sent:`, `To:` ndi `Subject:` pamwamba pa imelo yakale, mawu osalowa mkati, ndipo mlingo umawerengedwa potsata mitu imeneyi.

Lachisanu kunali kufananiza kawiri. Ulendo woyamba ndi wa mawu ndi manambala okha, makamaka 40 ndi 60. Wachiwiri ndi wa zizindikiro zokha, mawu ataphimbidwa, kuwerenga timizere pa chithunzi ndi `>` pa pepala mzere ndi mzere. Pansi pa chithunzi chachitatu panali timadontho titatu tomwe Gmail imabisira mawu ogwidwa, ndipo wojambula sanatidine. Pamenepo panalembedwa kuti [pali mawu obisika omwe sakuoneka pa chithunzi], ndipo ntchito inabwezedwa limodzi ndi pempho loti atumize imelo yeniyeniyo kapena ajambulenso atatsegula timadonthoto.