Lachitatu: khadi lofomatidwa komanso pulogalamu yofuna ndalama isanaonetse chithunzi

M'mawa wa lero pamalo athu okonzera makompyuta pafika memori khadi ya 32 GB ya m'kamera, yomwe inafomatidwa mwangozi muli zithunzi za ukwati. Yafika pamodzi ndi laputopu, chifukwa mwini wake anali atadawuniloda kale pulogalamu yobwezeretsa mafayilo imene inali pamwamba penipeni pa zotsatira za kusaka, pamzere wa zotsatsa malonda. Pulogalamuyo inasanthula khadilo kwa masekondi osakwana 40, n'kulemba kuti yapeza mafayilo zikwizikwi, kenaka n'kutsegula tsamba lolipirira. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi chomwe inaonetsa.

Liwiro lakelo n'limene linayamba kutikayikitsa. Khadi likafomatidwa, nthawi zambiri zithunzi zimakhala zikadalimo. Chimene chimafufutika ndi mndandanda wonena kuti fayilo iliyonse ili pati. Pulogalamu yeniyeni imayenera kuwerenga khadi lonse kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, n'kumazindikira pomwe chithunzi chilichonse chayambira. Chowerengera makhadi chathu chimawerenga pafupifupi 20 MB pa sekondi, choncho 32 GB imafuna mphindi pafupifupi 27. M'masekondi 40 munthu sungawerenge ngakhale 1 GB. Kusanthula kofulumira kulipodi, koma kumathandiza pa fayilo yomwe yangofufutidwa mndandanda wake ukadalipo, osati pakhadi lofomatidwa.

Kulipiritsa pakokha si umbava. Mapulogalamu ogulitsidwa odalirika alipo, koma amakulolani kusanthula mwaulere ndi kuona chithunzicho chitatseguka pasikirini musanatulutse ndalama. R-Studio, mwachitsanzo, imalola ngakhale kubwezeretsa mafayilo ang'onoang'ono musanagule, kuti mutsimikize kuti ikugwiradi ntchito. Nambala ya mafayilo kapena mayina okhaokha si umboni, chifukwa pulogalamu ikhoza kungowapeka. Ngakhale pa pulogalamu yeniyeni, dzina limatha kuoneka chithunzicho chitawonongeka kale chifukwa pamalo pake panalembedwa zina. Tinayesanso njira ina pakompyuta yoyeserera yosalumikizidwa ku intaneti: tinaikamo fulashi yopanda kanthu, yofomatidwa titachotsa chongani pa Quick Format kuti Windows ilembe maziro ponseponse. Pulogalamu ija inapezamonso mafayilo zikwizikwi.

Masana tinatembenukira kulaputopu. Fayilo yoikira pulogalamuyo inabwera mu zipi yotsekedwa ndi pasiwedi, ndipo malangizo ake ankati muzimitse Windows Defender, pulogalamu yoteteza ku mavayirasi yobwera ndi Windows, musanaitsegule. Pasiwediyo cholinga chake n'chakuti pulogalamu yoteteza ku mavayirasi ilephere kuona zomwe zili m'kati. Titadina kumanja pafayiloyo n'kupita pa Properties, gawo la Digital Signatures kunalibe, ndipo titaikweza pa VirusTotal, tsamba lofufuza mavayirasi m'mafayilo, mapulogalamu ambiri oteteza anailemba kuti ndi yoba mapasiwedi osungidwa mu bulawuza. Kusowa siginecha kokha sikokwanira kuweruza mlandu, koma zonsezi zikakumana palibenso chokambirana. Laputopuyo taichotsa pa intaneti, ndipo mwini wake tamuuza kuti asinthe mapasiwedi a imelo, Facebook ndi banki pogwiritsa ntchito foni, osati makina omwewo. Windows tidzaika yatsopano mawa.

Akanathamangira pulogalamu yobedwa yolembedwa crack, zikanatha kuipa kuposa apa. Vayirasi yotseka mafayilo ya STOP/Djvu imafala kwambiri m'njira imeneyi: imasiya kalata ya _readme.txt yofuna ndalama kuti mafayilo atsegulidwe, ndipo kale inkafuna madola 980, kapena 490 mukalipira m'maola 72. Mu 2020 kunatulukanso pulogalamu yonamizira kutsegula mafayilo otsekedwa ndi STOP/Djvu, koma m'kati mwake munali vayirasi ina ya Zorab yomwe inkawatsekanso kachiwiri. Zotsegulira zodalirika zili patsamba la No More Ransom, ndipo n'zaulere.

Khadi lija talisanthula ndi PhotoRec ya Christophe Grenier, yotengedwa pa cgsecurity.org. Ndi yaulere ndipo sifuna kuikidwa. Mumangomasula zipi n'kutsegula qphotorec_win.exe. Tisanalilowetse tinatsitsa kaye kaloko ka m'mbali mwa khadi kuti pasalembedwe kalikonse. Tinasankha kusanthula khadi lonse, ndipo zopezeka tinaziloza ku hadi disiki ina, chifukwa kuzisunga pakhadi lomwelo kumapondereza zithunzi zomwe sizinatulutsidwe. Patatha pafupifupi theka la ola, mafoda a recup_dir.1 ndi anzake anali atadzaza zithunzi. Mayina akale samabwerera, chithunzi chilichonse chimatchedwa ndi chilembo f ndi nambala, koma tsiku lojambulira limakhalabe m'kati mwa fayilo, ndiye tazisanja potsata masiku. Zithunzi zochepa zatseguka theka, kunsi kwake kuli kotuwa. Kamera inajambulanso pang'ono khadi litafomatidwa kale, ndipo pomwe palembedwa zatsopano palibe pulogalamu, yaulere kapena yogula, imene ingabwezepo zakale.