Galimoto yodziwongolera yokha ikufunabe maso a dalaivala

Sabata ino ntchito yambiri pagaraja inali ya galimoto zochokera ku Japan zomwe eni ake amati "zimadziyendetsa zokha". Palibe ngakhale imodzi yomwe imatero.

Bungwe la mainjiniya a galimoto lotchedwa SAE linagawa kudziyendetsa kwa galimoto m'magawo 6, kuyambira 0 mpaka 5, mu 2014. Galimoto ya Lolemba inali ya gawo 0: ukadina batani la SET imasunga liwiro basi, lole ikaima kutsogolo siyidziwa kanthu. Inkafuna switchi ya pabuleki, popeza switchiyo ikafa kompyuta imakana kusunga liwiro.

Lachitatu panabwera Toyota ya gawo 1, yokhala ndi rada kuseri kwa chizindikiro chakutsogolo. Radayo imayeza mtunda wofika pa galimoto yakutsogolo, galimoto n'kumachepetsa kapena kuwonjezera liwiro yokha. Iyi inkamanga mabuleki popanda chifukwa. Tinapeza kuti owongola bampala anasiya kachitsulo kogwira rada katapindika pang'ono. Digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100, imasokeretsa rada ndi mamita pafupifupi 1.7, ndiye kuti imayamba kuwerengera galimoto za mbali ina ya msewu. Ngakhale rada yabwinobwino, pa liwiro lalikulu nthawi zina imanyalanyaza chinthu chongoima, pochiyesa mlatho kapena chikwangwani.

Nissan Serena ya ProPILOT ndiyo inatidyera tsiku lonse. Ndi ya gawo 2: imasunga mtunda komanso imagwira chiwongolero kuti ikhale pakati pa mizere. Galasi lakutsogolo linasinthidwa, kamera n'kungobwezeredwa osaichuna, ndiye inkakokera kumbali. Poichuna pamafunika simenti yosalala, mpweya wokwanira m'matayala, buti yopanda katundu, ndi bolodi ya zizindikiro yoimikidwa pa mtunda womwe kampani inalemba, kenako kompyuta yolumikizidwa pa OBD, soketi yopimira galimoto, imaphunzitsa kamera pomwe pali pakati. Koma mizere ikafufutika, monga zilili m'misewu yathu yambiri, kamera imangosiya ntchito, mwina pakhona penipeni. N'chifukwa chake pa gawo 2, kuphatikizapo Autopilot ya Tesla, woyang'ana msewu ndi dalaivala mphindi iliyonse.

Kusintha kwenikweni kumayambira pa gawo 3, lomwe sitinalionepo pagaraja. Drive Pilot ya Mercedes, yomwe Germany inavomereza mu 2021, inkalola dalaivala kuchotsa maso pamsewu, koma pa misewu ikuluikulu yokha, osapitirira makilomita 60 pa ola poyambirira, ndipo ikachenjeza amakhala ndi masekondi 10 oti agwire chiwongolero. Ineyo ndimaona kuti nthawiyo ndi yochepa kwa munthu amene maganizo anali pafoni.

Pa gawo 4 pali matakisi a kampani ya Waymo ku Phoenix, ku America, opanda dalaivala, koma oyenda m'dera lojambulidwa kale pamapu. Gawo 5, loyenda paliponse nyengo iliyonse, palibe kampani yomwe ikuligulitsa.