Nkhomo za bawo ndi funso la ayodini limene linandigwetsa

Funso lake linali la fizikisi, la mizere iwiri yokha, lokhudza ayodini-131, mtundu wa ayodini wotulutsa rediyeshoni. Muli ndi magalamu 64 a ayodini-131, hafu-laifu yake ndi masiku 8, kodi pakatha masiku 40 watsala wochuluka bwanji? Ine ndinagawa 40 ndi 8 n'kupeza 5, kenako ndinagawa 64 ndi 5 n'kulemba 12.8, mtima uli m'malo. Pepala la mayeso oyeserera litabwerako, ndinapeza mtanda wofiira pamenepo.

Ndimagulitsa usipa pamsika wa pa Boma kuno ku Mangochi, ndipo madzulo ndimapita kusukulu kukabwereza Fomu 4. Kugawa ndimakudziwa, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, choncho mtandawo unandiwawa. Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinatenga pepalalo kupita nalo kwa aneba athu amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akudikira mnzawo wosewera naye bawo.

Atawerenga anaseka pang'ono. "Mwanangu, 5 wakoyu ndi wolondola. Walakwitsa pomugwiritsa ntchito." Anakhuthulira nkhomo zonse pamphasa, ndipo mwayi wake bawo limakhala ndi nkhomo 64 ndendende. Anati ndiziyese magalamu anga aja, ndipo akamati "masiku 8 atha" ndizichotsa theka la zimene zili pamphasa.

Ulendo woyamba ndinachotsa 32, zinatsala 32. Atanena kachiwiri, dzanja langa linapita kukatenga 32 zonsezo, iwo n'kuligwira. "Theka la zimene zilipo panopa, osati la zimene unayamba nazo." Ndinachotsa 16. Kenako zinatsala 8, kenako 4, ndipo pa ulendo wachisanu, tsiku la 40, panatsala nkhomo ziwiri. Yankho linali magalamu 2.

Apa m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la hafu-laifu. Ndi nthawi imene imatenga kuti theka la maatomu otulutsa rediyeshoni amene alipo asweke. Atomu iliyonse ya ayodini-131 ili ndi mwayi wofanana wosweka m'masiku 8 akubwerawo, kaya yakhalapo nthawi yaitali bwanji. Maatomu akachuluka, osweka amachulukanso, akachepa, osweka amachepanso. N'chifukwa chake m'masiku 8 oyamba munapita magalamu 32, koma m'masiku 8 omaliza munapita awiri okha. Ine ndinkawerengera ngati ndowa ya usipa imene ndimatapamo mbale yofanana mpaka kutha, pomwe apa mbale imachepa ulendo uliwonse.

Anandionetsanso mmene ndikanadzigwirira ndekha. Pa tsiku la 24 panali patatsala kale magalamu 8 okha. Ndiye zikanatheka bwanji kuti pa tsiku la 40 patsale 12.8, ochuluka kuposa pamenepo?

Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndi kupeza kuti mahafu-laifu adutsa angati, pogawa nthawi yonse ndi hafu-laifu. Kenako ndimalemba manambala motsatana, 64, 32, 16, 8, 4, 2, ndikuika kamuvi pakati pa nambala ndi inzake. Chowerenga ndi timivi, osati manambala. Manambala alipo 6 koma timivi tilipo 5, pakuti 64 ndi poyambira chabe, palibe nthawi imene yadutsa. Mnzanga wina wa m'kalasi anawerenga manambala, n'kuima pa 4, nayenso anadya mtanda.

M'buku la fizikisi njira yomweyi anailemba mwachidule:

```
n = t / T
N = N0 × (1/2)^n
```

Apa `t` ndi nthawi yonse, `T` ndi hafu-laifu, `N0` ndi chimene munayamba nacho, ndipo `N` ndi chotsala. Hafu wochulukitsidwa kasanu ndi 1/32, ndipo 64 kugawa ndi 32 ndi 2 yemwe uja. Ndinakumbukira kuti ndinagawa ndi 5 pomwe ndinayenera kugawa ndi 32, manyazi n'kundigwira.

Ndinawafunsa kuti magalamu 62 enawo apita kuti. Analoza mulu wa nkhomo zimene ndinkaika pambali. "Zasowa zimenezi?" Ayodini-131 akasweka amatulutsa rediyeshoni n'kusanduka chinthu china, mpweya wotchedwa zenoni-131. Choncho 2 uja ndi ayodini amene sanaswekebe, ndipo 62 ndi amene wasanduka. Ofunsa mayeso amakonda kutchera msampha pomwepa: funso lina limafuna wotsala, lina limafuna wosweka. Masiku ano ndimalemba mzere kunsi kwa mawu amenewo ndisanagwire nambala iliyonse. Anandiuzanso kuti magalamu 64 ndi nambala ya pamayeso chabe, yosankhidwa chifukwa imagawika bwino. Ayodini-131 amene madokotala amagwiritsa ntchito pa matenda a chithokomiro amakhala wochepetsetsa, ndipo amamuyeza ndi mphamvu ya rediyeshoni yake, osati pasikelo. Koma masamu ake ndi omwewo, pakuti mphamvuyo nayo imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse.

Mnzawo wa bawo anali asanafike, ndiye anandipatsa lina lovutirapo: magalamu 64 omwewo, koma masiku 20. Kugawa 20 ndi 8 kunandipatsa 2.5. Pa mahafu-laifu awiri pali 16, pa atatu pali 8, ndiye ndinati pakati pake ndi 12. Anapukusa mutu. Anati ndayandikira, koma kutsikako sikuyenda mumzere wowongoka. Pakati pa tsiku la 16 ndi la 24, m'masiku 4 oyamba maatomu amakhala akadali ambiri, choncho amasweka ambiri kuposa m'masiku 4 otsatirawo. Yankho liyenera kukhala pansi pa 12 pang'ono. Nkhomo apa sizithandizanso, pamafunika kakyuleta:

```
64 × 0.5 ^ 2.5 =
```

Inatulutsa 11.3 ndi timanambala tina kutsogolo. Komabe 16 ndi 8 aja ndi othandiza ngati mpanda. Kakyuleta ikandipatsa nambala yosakhala pakati pa awiriwo, ndimadziwa kuti chala chaphonya batani.

Cholakwa china ndinachichita ndili ndekha usiku womwewo. Funso linali la tekinetiyamu-99m, chinthu china chotulutsa rediyeshoni chimene hafu-laifu yake ndi maola 6, ndipo linkafunsa gawo lotsala pakatha masiku awiri. Ndinagawa 2 ndi 6, n'kupeza nambala yosafika ndi 1 yomwe, ngati kuti theka silinathe n'komwe. Ndinadabwa: chinthu chimene chimatha theka kuchokera m'mawa kufika masana, chikhale chikadali chambiri patatha masiku awiri? Ndinasintha masiku kukhala maola 48, ndinagawa ndi 6, ndinapeza 8. Hafu kasanu n'katatu ndi 1/256.

M'mawa mwake ndinabwererako ndi funso limene linandisowetsa tulo. Nkhomo ziwiri zija zigawidwa, itsala imodzi, nanga kenako? Aphunzitsi anati papepala nambala siifika pa ziro, imangochepera. Koma maatomu ndi owerengeka, ndipo akatsala ochepa kwambiri lamulo la theka silikhalanso lodalirika, chifukwa palibe amene anganene tsiku limene atomu imodzi idzasweke. Lamuloli limagwira bwino chifukwa ngakhale kadontho kosaoneka ndi maso kamakhala ndi maatomu mabiliyoni ambirimbiri.

Ndinali ndikufuna kufunsa za mafunso a girafu, koma mnzawo anatulukira pa kabaza, ndipo aphunzitsi anali atayamba kale kubwezera nkhomo m'maenje, ziwiriziwiri. Anati ndibwere Loweruka lotsatira ndi pepala la timabokosi ndi pensulo yosongoka.