Kalata yotsanzika ku wodi: theka la pepala lakwana

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Chilandirireni kalata yonditenga ku Kamuzu University of Health Sciences kuti ndikachite digiri ya unamwino, chimene chimandisowetsa tulo sichinali fizi ayi, koma kalata yosiya ntchito. Tchuthi cha maphunziro sichinatheke pa chipatala chathu chaching'onochi, ndiye panalibe kuchitira mwina. Koma anthu amene wagona nawo maso pa naiti, kudyera nawo mbale imodzi, ungawatsanzike bwanji m'mizere yochepa osaoneka wamwano?

Amene ananditsegula m'maso ndi asisita ena achikulire a ku wodi ya amayi. Anati, "Mwanawe, kalatayo sukulembera amatironi okha, ukulembera fayilo." Nditalingalira ndinaona kuti n'zoona. Amatironi aiwerenga kamodzi n'kusaina, koma pepalalo likakhala mu fayilo yanga zaka zambiri, ndipo adzaliwerenge ndi munthu wosandidziwa, mwina tsiku limene ndikufuna kalata yondichitira umboni. Munthu ameneyo akufuna adziwe kuti ndinachoka liti, chifukwa chiyani, ndiponso ngati tinasiyana bwino. Misozi, nthabwala za ku wodi, madandaulo a magolovesi osowa, zonsezo malo ake ndi pakamwa.

Za keyala ndi mutu wa kalata mukuzidziwa kale. Ine ndaima pa tsiku. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wolandira malipiro pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire ndalama m'malo mwa notisiyo. Koma onaninso kontirakiti yanu, poti ina imafuna nthawi yotalikirapo, ndipo amene anakulipirirani sukulu n'kukusainitsani kuti muwagwirire zaka zakutizakuti ali ndi mawu awo. Ndiye ndinawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndikufuna kumaliza pa 31 Ogasiti, choncho kalata ifike pa 31 Julaye kapena tsikulo lisanakwane. Ifike, osati ingolembedwa. Kalata yogona m'chikwama siwerengedwa, n'chifukwa chake ndinapanga makope awiri, imodzi anandidindira chidindo cha tsiku lolandirira n'kundibwezera. Mawu oti "posachedwapa" kapena "sukulu ikatsegulira" sathandiza wolemba rosita ya mwezi wamawa. Iye akufuna adziwe tsiku limene dzina lako lichoke pa khoma.

Kalatayo ndi ya m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma m'Chichewa ikuti:

"Mayi, ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino pa chipatala chino, ndipo tsiku langa lomaliza ndi 31 Ogasiti. Ndapeza malo okapitiriza maphunziro a digiri. Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha zonse zimene ndaphunzira pano, makamaka ku wodi ya ana, kumene munandiphunzitsa kusataya mtima ndi mwana wobwera ali lefu ndi malungo pakati pa usiku. M'mwezi watsalawu ndionetsetsa kuti mabuku a mankhwala ndi zipangizo zonse za m'manja mwanga ndazisiya bwino kwa amene mumusankhe. Ndikukufunirani zabwino inu ndi anzanga onse."

Chiganizo cha wodi ya anacho ndicho chanyamula chikondi chonse. "Zikomo pa zonse" aliyense angalembe, ngakhale wochoka atakwiya. Koma ukatchula chinthu chimodzi chenicheni, popanda dzina la wodwala, amene akuwerenga amadziwa kuti zachokera pansi pa mtima.

Njira yanga yodulira inali kuwerenga mokweza n'kufunsa chiganizo chilichonse kuti, kodi ndingachinene nditaimirira pamaso pa amatironi osachita manyazi? Cholephera ndimachifufuta. Umu ndi mmene mawu opepesa anathera, chifukwa kupita kusukulu si mlandu. Ndikuti njira imeneyi ingakonze kalata iliyonse padziko pano, ngakhale anzanga akuseka kuti ndayamba kuilalikira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ku koleji anatiphunzitsa kulemba lipoti la wodwala mpaka zala kuuma, koma palibe mphunzitsi anataya ngakhale ola limodzi pa kalata ya ntchito. Umaphunzira wekha, pa foni, uli pa benchi podikira kuti diripi ithe.

Patsala chinthu chimodzi chimene chikundizunguzabe. Ndinafuna kuwonjezera kuti ndikamaliza ndidzabwerera. Asisita aja anati ndisalonjeze papepala zimene mawa silinavomere. Mnzanga wina akuti mzere umenewo ukanasiya khomo lotsegula. Ndinauchotsa, kalata ndapereka kale, koma ngati ndinachita bwino, kaya.