Mmene ndinaphera amalume ndi masekondi 30

Poti nonse mwayamba kundiitana kuti "wolengeza maliro", bola ndifotokoze ndekha musanaithire mchere wina. Inde, ndine ndinalemba mawu a m'kanema wa pa WhatsApp uja. Liwu lija ndi langanso. Koma amene anasankha chithunzi ndi amalume eni ake, izi musaiwale.

Iwo ndi telala, ndipo anangoti, "Iwe wasukulu, ndipangire kakanema koti anthu adziwe kuti ndachoka pakhonde paja ndapeza chipinda changa. Kasapitirire masekondi 30, anthu alibe bandulo yoonera sewero." Apo ananena zoona. Status ya pa WhatsApp kwa zaka zambiri inkalola masekondi 30 okha, ndipo chala cha munthu chinazolowera kudumpha isanathe n'komwe.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti masekondi 30 ndi kanthu kochepa bwanji pa Chichewa. Mawu athu ndi aatali. Tatchulani "tikukudziwitsani" muone, sekondi yathunthu yapita pa liwu limodzi. Mukamayankhula mwakuti agogo amve, mumakwana mawu pafupifupi 50, mukathamanga 60. Ine ndinalemba 134, ndi bolopeni yofiira, ndikudzimva ngati mlembi wa nduna. Nditawerenga ndi wotchi ya pafoni zinatenga mphindi imodzi ndi masekondi 20.

Munthu wanzeru akanabwerera papepala n'kuchotsa malonje. Ine malonjewo ndiye ndinkawakonda. Ndinaganiza kuti ndidule kanemayo pawiri, gawo loyamba lero, lachiwiri mawa, anthu akhale ndi chidwi. Ndiye pa kamzere kodulira kaja kamene kamabwera pamwamba usanatumize, ndinakoka kuchokera kumapeto mpaka panalembedwa 0:30. Sindinamvetserenso kuti mawu athera pati.

Tsono tamvani chimene chinatsala, ndipo muchiwerenge pang'onopang'ono, ndi liwu la kutchalitchi, chifukwa ndi mmene ndinachinenera:

"Tikudziwitsa abale, abwenzi ndi makasitomala onse a ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi madera ozungulira, kuti bambo athu okondedwa, amene atumikira anthu mokhulupirika pa ntchito ya utelala kwa zaka 22, kuveka akwati, ana a sukulu ndi amayi a mvano, tsopano achoka pamalo pomwe tinawazolowera, ndipo apita kumalo abwino koposa."

Basi. Kanema n'kuzima. Chiganizo chotsatira, chonena kuti malowo ndi chipinda cha kuseri kwa chigayo ndipo muli makina awiri, chinali m'gawo la mawa.

Kunena za chithunzi. Ndinkafuna kuwajambula akupalasa makina, koma tsikulo magetsi anali atazima ndipo m'chipindamo munali mdima ngati m'nkhokwe. Amalume anati palibe vuto, n'kutulutsa chithunzi chawo cha pa ukwati wa mwana wawo: suti yakuda, tayi, nkhope yosamwetulira, maso akuyang'ana kutali ngati aona kale zakutsogolo. Ndinachiika chosasuntha kwa masekondi onse. Pansi ndinalemba nambala yawo ya foni ndi mawu akuti "Kuti mudziwe zambiri". Kumbuyo, poti chete amachititsa manyazi, ndinaika kanyimbo ka limba kofatsa. Pamwamba ndinkafuna anthu aone kuti ndi katswiri wakale, ndiye ndinalemba chaka chimene anayamba kusoka, kamzere, kenako chaka chino.

Inde. Zaka ziwiri ndi kamzere pakati. Sekani, ndikudikirani.

Pa gulupu, chimene munthu amaona asanatsitse kanema ndi chithunzi cha poyambirira penipeni, ndipo ambiri satsitsa n'komwe. Otsitsawo ena amaonera m'minibasi liwu atatseka. Choncho wotsitsa anamva chidziwitso cha maliro, wosatsitsa anaona chikwangwani cha pamanda. Palibe amene anapulumuka.

Ndinaponya cha m'ma 7 koloko madzulo pa magulupu atatu: la banja, la kumpingo ndi la mudadada wathu. Ndinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza mauthenga ngati mvula ya Januwale, tinkhope tolira tokhatokha. Ndinayamba ndasangalala, ndikuti anthu akhudzidwa ndi luso. Kenako ndinaona wina walemba kuti "Dzana lomweli ndawaona akugula ulusi m'tauni, moyo uwu." Wina, "Mwambo uli kuno kapena kumudzi?" Mayi wina sanataye nthawi ndi chisoni: "Pepani anamfedwa, koma nsalu zanga zitatu za chinkhoswe zili m'manja mwa ndani?"

Foni ya amalume inayamba kulira. Woyamba kuimba anali mkulu wa mpingo. Amalume atayankha kuti "Halo, ndine," kumbali inayo kunangoti zii, kenako kunamveka "Yesu!" foni n'kudulidwa. Wachiwiri anawauza amalume okha kuti alimbe mtima pa imfa ya amalume. Iwo anayankha kuti zikomo, chifukwa mwambo ndi mwambo, ndipo atadula anandiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, tepi ili m'khosi, sizasi ili m'manja. Sizasiyo ndi imene ndinkayang'ana ine.

Ndinathamangira kudina Delete for everyone. Imafufuta ndithu, koma imafufuta uthenga wako wokha. Zimene anthu atumiza kale kwina zimakhala zili moyo, kusiyana ndi amalume. Pofika 9 koloko kanemayo anabwerera kwa ine kuchokera kwa msuweni wa ku Joni, pamwamba palembedwa Forwarded many times. M'mawa mwake azakhali ena anatsika minibasi atamanga kale chitenje ndi duku, akulira kuyambira pa siteji, n'kupeza womwalirayo akupinda thalauza la mwana wa Sitandade 4. Analira kawiri, koyamba chisoni, kachiwiri ndalama ya thiransipoti.

Podziteteza ndinene ichi: palibe bodza ngakhale limodzi m'mawu aja. Anachokadi. Malowo ndi abwinodi koposa, ali ndi chitseko.

Tinajambulanso Loweruka, panja, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, foni itaima chilili kuti kanema adzaze sikirini yonse. Ulendo uno ndinayamba ndi vuto la kasitomala, osati mbiri ya telala. Masekondi atatu oyamba mumaona dzanja likulimbana ndi zipi, kenako amalume akupalasa makina, akusuntha, akuphethira, umboni wonse. Mawu ake ndi awa:

"Zipi yakana? Musataye thalauza. Bwerani nalo kuno ku Kawale, tiika ina mukudikira. Timachepetsa za kaunjika, timasoka nashonolo ya chinkhoswe ndi yunifolomu ya ana. Bweretsani nsalu Lolemba, Lachisanu mwavala. Tasamukira kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira. Nambala ndi iyo pansipa."

Mawu 38, masekondi 24, ndipo asanu ndi limodzi otsalawo ndi a nambala yokha, zilembo zikuluzikulu, chifukwa WhatsApp imafinya kanema ndipo tizilembo tating'ono timasanduka phala. Nambalayo sindinaitchule pakamwa. Manambala khumi amadya masekondi asanu kapena kuposa, ndipo palibe amene amayenda ndi bolopeni poonera foni. Poyamba ndinalemba "Zipi yafa?" koma amalume anakana, akuti liwu limenelo lisamvekenso pamalo awo.

Kanema wabwinoyu anaonedwa ndi anthu ochepa chabe. Makasitomala amene akubwera masiku ano ambiri ndi a kanema woyamba uja, amabwera kudzaona ndi maso awo, ndipo pochita manyazi amasiya kabudula woti achepetsedwe. Chipepeso chimene anthu awiri anatumiza pafoni amalume sanabweze. Akuti anadzidzimuka nawonso, ndiye ndi choyenera iwo. Ine sanandigawireko, ndipo malaya anga amene anawayeza mwezi watha akadali ndi choko.