Madola 25 amene ankasowa m'njira

Timasoka zikwama ndi zophimba mitsamiro za chitenje kuno ku Lilongwe, ine ndi mchemwali wanga wamkulu amene amasunga mabuku a ndalama. Makasitomala athu odalirika ndi amayi a Chimalawi okhala ku Mangalande ndi ku Joni, amene amatenga katundu wopikulitsa n'kukagulitsa m'timashopu tawo ndi pa misika ya Loweruka. Amalipira m'madola kudzera ku banki. Vuto linali loti ndalama sizinkafika zokwana. Tikalemba invoisi ya madola 400, mu akaunti munkalowa 365. Tikalemba ya 2,000, munkalowa 1,965.

Achemwali ndi amene anakhala pansi ndi masitetimenti n'kuona kumene madola 35 aja ankapita. Madola 10 ankatenga ndi banki yathu yomwe, chifukwa cholandira ndalama yochokera kunja, ndipo ankaoneka pa mzere wakewake. Madola 25 enawo sankaoneka paliponse. Banki ya ku Mangalande nthawi zambiri ilibe akaunti ndi banki ya kuno, choncho ndalama imadutsa m'banki ina yapakati, ndipo ikakhala ya madola kawirikawiri banki imeneyo imakhala ya ku America. Iyo imadula zake ndalama isanafike n'komwe m'Malawi. Wotumiza amaona kuti watumiza zonse, wolandira amaona zoperewera, ndipo onse awiri akunena zoona.

Uthenga wathu woyamba pa WhatsApp unali waufupi: "Makasitomala athu nonse, chifukwa cha kukwera kwa ndalama zimene mabanki akudula, kuyambira pano tiziwonjezera 5 peresenti pa invoisi iliyonse. Zikomo pomvetsa."

Mayi wina wa ku Leeds, amene amatenga katundu wambiri kuposa onse, anaimba foni madzulo omwewo. "Achemwali," anatero, "ine banki yanga imandidula kale ndikamatumiza. Ndiye ndilipirenso yanu? Komanso madola 100 pa oda ya 2,000, ndi banki iti imene imadula choncho?" Sanakalipe, koma masamu ake anali olondola. Zimene mabanki ankadula sizinkasintha ndi kukula kwa oda, pomwe peresenti yathu inkakula nayo. Wa madola 400 akanawonjezera 20, osakwana n'komwe 35 imene tinkaluza. Wa 2,000 akanawonjezera 100, kutanthauza kuti madola 65 akanakhala phindu lathu lobisala m'dzina la banki. Kasitomala wamkulu akanamalipirira ang'onoang'ono. Panalinso china: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu akunja amadziwa kuti dola yawo ikugula kwacha zambiri, ndiye wina akapempha madola owonjezera popanda kufotokoza bwino, amamuyang'ana kawiri.

Tisanalembenso uthengawo tinayamba tagwirizana kuti gawo liti ndi la ndani. Madola 10 a banki yathu tinati ndi athu. Banki imeneyo tinasankha tokha, ndipo kasitomala alibe chochita nayo, monga mmene sitimulipiritsira padera ulusi ndi magetsi. Achemwali anakana poyamba, ati madola 10 ndi chitenje chathunthu ndi zipi zake, koma anavomera kuti malo ake ndi mu mtengo wa katundu. Madola 25 apakati ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo kasitomala ali ndi mphamvu. Potumiza ndalama kunja, mabanki ambiri amafunsa amene alipire zodula za m'njira, ndipo pa fomu kapena pa foni pamaoneka OUR, SHA ndi BEN. Akasankha OUR, wotumiza amalipira zonse. Akasankha SHA, amalipira za banki yake yokha, zina zonse zimadulidwa pa ndalamayo. Akasankha BEN, zonse zimagwera wolandira. Makasitomala athu ankangosiya pa SHA, poti n'zimene zinkabwera zitasankhidwa kale, ndipo ambiri sankadziwa kuti pali chosankha.

Uthenga wachiwiri tinautumiza kwa aliyense payekha, ndi dzina lake, osati pa gulu. Wa mayi wa ku Leeds unali wotere:

"Mayi, pa invoisi yanu yapitayi ya madola 2,000, kwa ife kunafika 1,965. Chithunzi cha sitetimenti ndi ichi. Madola 10 inatenga banki yathu, amenewo ndi athu, sitikukupemphani. Madola 25 inadula banki yapakati ndalama isanafike kuno. Za 5 peresenti zija tazisiya. Kuyambira oda ya mwezi wamawa musankhe chimodzi. Mukatumiza ndi OUR, simuwonjezera kanthu pa invoisi. Mukatumiza ndi SHA, muwonjezere madola 25, kaya oda ndi yaikulu kapena yaing'ono. Akadula zochepera 25, zotsalazo tidzazichotsa pa invoisi yotsatira. Oda imene tagwirizana kale sikhudzidwa."

Tinakangana kwambiri pa chiganizo choyamba. Achemwali ankafuna tiyambe ndi kudandaula kuti zinthu zavuta, mitengo yakwera, bizinesi ikulowa pansi. Ine ndinati ayi. Aliyense amene akukweza mtengo amanena zomwezo, ndipo munthu ali ku Leeds alibe njira yodziwira ngati n'zoona. Koma invoisi yake amaidziwa, ndalama imene anatumiza amaidziwa, ndipo chithunzi akuchiona. Pa chithunzicho, ndinenepo, timaphimba mizere ina yonse ndi ndalama yotsala mu akaunti. Mzere umodzi wa malipiro ake ndi wokwanira.

Chiganizo chobweza zotsala ndi chimene chinathetsa kukayikira, ngakhale kuti chimatipatsa ntchito. Banki yapakati siikhala imodzimodzi nthawi zonse. Mwezi wina anadula madola 18 okha, ndipo pa invoisi yotsatira tinalemba mzere wochotsa madola 7. Ndalama yake ndi yochepa, koma kasitomala akaona kuti yabwerera osaipempha, amaleka kuganiza kuti 25 ija ndi malonda. Akadula zopitirira 25, timangopirira. Kukapemphanso madola 3 kwa munthu amene walipira kale n'kudzichotsera ulemu.

Si zonse zinayenda monga tinkaganizira. Mayi wa ku Leeds atafunsa ku banki yake anapeza kuti OUR ikumudyera zambiri kuposa madola 25 athu, ndiye anatsalira pa SHA n'kumawonjezera. Palibe cholakwika, wasankha yekha ataona mitengo yonse iwiri. Wina wa ku Joni anatumiza ndi OUR koma ndalama inafikabe yoperewera. Zikatero sitiyamba ndi kumuuza kuti sanalipire mokwanira. Timamupempha chikalata cha banki chotsimikiza kuti ndalama yatumizidwa, chimene ambiri amachitchula MT103, chifukwa chimasonyeza chimene anasankha. Chikalata chake chinalembadi OUR, choncho iye anachita mbali yake, ndipo wofunsa kumene ndalama inatsalira ndi banki yake, osati ife kumuvutitsa iyeyo.

Amene uthengawu unawapweteka ndi a maoda ang'onoang'ono. Pa madola 400, kuwonjezera 25 n'kupitirira 6 peresenti, kuposa ija tinasiya. Mtsikana wina wa ku Manchester anatiuza zimenezo mosabisa, ndipo sitinamutsutse. Kwa iye tinalemba ndime ina, yakuti akhoza kuphatikiza maoda a miyezi iwiri n'kulipira kamodzi, katundu woyamba tidzamutumizira pa ngongole. Zimenezi timachita ndi amene tagulitsana nawo kwa nthawi yaitali basi. Watsopano amalipira kaye, ndipo za OUR ndi SHA amaziona pa pepala la mitengo asanayitanitse chikwama ngakhale chimodzi.